Wogulitsa mapampu a mthirira adziwike ndi chiyani kwa eni minda ikuluikulu? Kuyerekeza njira zinayi

Aliyense wogulitsa mapampu mu Lilongwe muno, kuyambira m'mashopu a mumsewu wa Malangalanga mpaka kumakampani a ku Kanengo, amanena kuti katundu wake ndi wolimba ndiponso kuti akagulitsa sataya kasitomala. Mawu amenewa anenedwa kambirimbiri moti manijala wa esiteti, kapena mlembi wa kopaletivu yolima mbewu za masamba, akawamva sawaikiranso kumtima, chifukwa anawamvanso kwa yemwe anamugulitsa pampu yomwe pano ili gone m'sitolo. Choncho kampani yomwe ikufuna kugulitsa kwa anthu olima ngati bizinesi iyenera kudzifunsa kuti ogula akamacheza okhaokha, inu palibe, dzina lanu likatchulidwa amati ndinu a chiyani. Pali njira zinayi zomwe makampani amatsata pofuna kudziwika: kutchipa kwa mtengo, dzina la fakitale yodziwika pamodzi ndi galanti, luso loyeza munda ndi kuika pampu yoyenera, ndi lonjezo la maola omwe madzi adzabwererenso m'munda pampu ikafa. Zonse zinayi zili ndi ogula ake, koma sizilemera mofanana pamaso pa munthu yemwe ndalama zake zili m'nthaka.

Tisanaziyerekeze tiyenera kumudziwa wogulayo, ndipo ndi bwino kumuona kudzera m'madzi omwe amafuna patsiku. Tiyerekeze munda wa mahekitala 10 m'mbali mwa mtsinje wa Diamphwe, momwe akulima chimanga cha mbewu pa mgwirizano ndi kampani yogula mbewu. M'miyezi yotentha ya Sepitembala ndi Okutobala, mbewu yomwe yakula imafuna madzi okwana mamilimita pafupifupi 6 patsiku, ndipo milimita imodzi pa hekitala imodzi ndi makiyubiki mita 10 a madzi. Ndiye kuti mundawu umamwa makiyubiki mita 600 patsiku, omwe ndi malita 600,000, ndipo ngati amathirira maola 10 pampu iyenera kutulutsa makiyubiki mita 60 pa ola. Munthu wotereyu sangadalire mathanki pampu ikaima, pakuti kuti asunge madzi a tsiku limodzi lokha angafunike mathanki 120 a malita 5,000. Nthaka yokha ndiyo imamusungira madzi, ndipo pa dothi la mchenga dzuwa la Okutobala likamaswa mtengo nthakayo imamupirira masiku ochepa chabe. Chimanga chikasowa madzi pa nthawi yomwe chikumasula ngayaye ndi kutulutsa ndevu, zisononkho zimakhala ndi maso apatalipatali, ndipo madzi obwera mochedwa sabwezeretsa zomwe zatayikazo. Kwa wogula uyu mtengo wa pampu ndi waung'ono pouyerekeza ndi feteleza, mbewu, malipiro a antchito ndi ngongole ya kubanki zomwe zimadalira pampuyo, ndipo chomwe chimamusowetsa tulo ndi masiku omwe pampu idzakhale chete.

Njira yoyamba, yodziwika ndi kutchipa, si yoipa payokha, ndipo ndiyo imagulitsa timapampu ta petulo ta mainchesi 2 kapena 3 kwa alimi a m'madimba, omwe amagula ndi ndalama ya m'thumba ndipo kapampu kakawonongeka amakanyamula panjinga kupita nako kwa makaniko wa pa tauni yapafupi. Vuto limabwera wogulitsa akafuna kutenga njira yomweyi kupita nayo ku esiteti. Kuti mtengo ukhale wotsika, amagula kwa aliyense yemwe watchipitsa chaka chimenecho, kotero kontena iliyonse imabwera ndi mtundu wina wa pampu, ndipo pakatha zaka ziwiri impela yokankha madzi m'kati mwa pampu yomwe anagulitsa poyamba sipezeka ngakhale m'shopu mwake momwe. Komanso kutchipa sikutetezeka, chifukwa mawa wina adzatsitsa kuposa inu, ndipo katundu wogulidwa ndi ndalama zakunja salola kuti mulonjeze mtengo kwa nthawi yaitali. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenako ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo aliyense yemwe ankapeza phindu lochepa pa pampu iliyonse anapezeka kuti ndalama yomwe wagulitsira katundu wakale siingagule watsopano. Wogula wamkulu amadziwa zimenezi, ndipo akaona kotesheni yotsika kwambiri amayamba kudzifunsa ngati kampaniyo idzakhalepo chaka chamawa. Malo okha omwe njira iyi imagwira pakati pa ogula akuluakulu ndi m'mipikisano yomwe makampani amapereka makotesheni awo, momwe mtengo wotsika ndiwo umapambana pakati pa omwe akwaniritsa zofunika, ndipo kumeneko yemwe wasankha pampu kawirikawiri si yemwe adzavutike nayo.

Njira yachiwiri ndi yotsamira pa dzina la fakitale. Maina monga Grundfos ya ku Denmark, KSB ndi Lorentz a ku Germany, Pedrollo ya ku Italy kapena Kirloskar ya ku India amadziwika kwa mamanijala ambiri, ndipo kukhala wogulitsa wovomerezeka wa fakitale yotere kumatsegula zitseko zomwe kampani yatsopano ikanagogoda zaka zambiri. Mumapezanso mapepala oonetsa mphamvu ya pampu iliyonse, maphunziro a amakaniko anu, ndi chitsimikizo choti masipeya a mtundu umenewo adzapitirira kupangidwa. Izi ndi zenizeni ndipo sindikuzichepetsa. Koma dzinalo si lanu, kotero kasitomala yemwe wabwera chifukwa cha dzina angathe kugula pampu yomweyo kwa wina, kapena kuitanitsa yekha kuchokera ku Joni, ndipo sadzaona kuti wataya kanthu. Chachiwiri, dzina la ku Ulaya silifupikitsa msewu. Sipeya yomwe mulibe m'sitolo iyenera kudikira kuti banki ikupatseni ndalama zakunja, kenako iyende ulendo wa pandege kapena wa pamsewu kudzera pa Mwanza kapena pa Dedza, kenako ituluke ku kasitomu, ndipo masiku onsewa munda ukuuma mofanana ndi wa munthu yemwe anagula pampu yosadziwika.

Omwe amatsata njira iyi amakonda kuonjezera galanti yaitali, ya chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo amailemba ndi zilembo zikuluzikulu. Galanti imateteza ku zolakwika za kufakitale, koma mapampu ambiri omwe ndinawaonapo atafa sanafe ndi vuto la kufakitale. Anafa chifukwa anayenda opanda madzi, anameza mchenga, anaikidwa patali kwambiri ndi madzi, kapena mota inapsa magetsi atavuta, ndipo zonsezi galanti imazikana m'tizilembo ting'onoting'ono ta m'munsi. Zotsatira zake, pepala lomwe linayenera kumanga ubale ndilo limasanduka poyambira mkangano, wogula akuti munalonjeza, wogulitsa akuti munaononga nokha.

Ndinaphunzira zimenezi movutikira ndili pa kampani ina yogulitsa zipangizo za ulimi. Tinagulitsa pampu yabwino, ya dzina, ku munda wina wa kum'mwera kwa mzinda uno, ndipo anyamata a pamundapo anaiika okha pamwamba pa gombe mu Juni, madzi ali pafupi, mamita 4 pansi pa pampu. Pofika Okutobala mtsinje unatsika, iwo anangolumikiza paipi ina yotalikitsira, ndipo pampu inayamba kulira ngati muli miyala m'kati. Patatha masabata awiri silu inaphulika, madzi anayamba kuchucha pa shafiti, ndipo titaitsegula tinapeza impela ili ndi tizibowo pakamwa pake ngati chimanga chodyedwa ndi anankafumbwe. Silu ya saizi imeneyo tinalibe. Ndinapita ndi pepala la galanti m'manja kukafotokoza kuti vutolo silinali lathu, ndipo manijala wa pamundapo, bambo wachikulire wofatsa, anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Achimwene, zonsezi ndamva, ndipo mwina mukunena zoona. Koma tandiuzani tsiku lomwe madzi afike m'munda umu, chifukwa abwana akandifunsa madzulo ano sadzafunsa za pepala." Ndinalibe yankho. Silu inafika patatha pafupifupi masabata atatu, ndipo chaka chotsatira anagula kwina ngakhale kuti pa nkhani ya galanti ife sitinalakwe.

Nkhani imeneyi ikutifikitsa pa njira yachitatu, yodziwika monga anthu omwe amayamba ayeza munda asanatchule mtengo. Kampani yotere ikalandira foni yofunsa mtengo wa pampu ya mainchesi 4 siyankha ndi nambala, koma imapempha tsiku loti ikaone malo. Pa munda wathu wa ku Diamphwe uja, katswiri amayeza kutalika kuchokera pamadzi kufika pamalo okwera kwambiri m'munda, amaonjezera mphamvu yomwe imatayika madzi akamakhuzana ndi mapaipi, ndi mphamvu yomwe masipurinkila amafuna kuti amwaze bwino. Tinene kuti zonse pamodzi zakwana mamita 40. Kukankha makiyubiki mita 60 pa ola kufika mamita 40 kumafuna makilowati pafupifupi 6.5 ofika m'madzi, ndipo pampu yosankhidwa bwino, yomwe imagwiritsa ntchito magawo 65 pa 100 a mphamvu yomwe yalandira, idzafuna makilowati 10, kotero mota ya makilowati 11 ikwanira. Pampu yosankhidwa mongoyerekeza, yomwe pa malo amenewa ikungopereka magawo 50 pa 100, idzafuna makilowati 13 pa ntchito yomweyo. Kusiyana kwa makilowati 3 kumaoneka kochepa, koma pa maola 10 patsiku kwa masiku 150 a chilimwe ndi mayunitsi 4,500 a magetsi chaka chilichonse, ndipo ngati ikuyendetsedwa ndi injini ya dizilo kusiyanako kumaoneka pa migolo. Nambala yotereyi akauntanti amaimva msanga kuposa mawu akuti pampu ndi yolimba.

Katswiri yemweyo amafunsanso funso lomwe ife sitinafunse, loti madzi amafika pati mu Okutobala, ndipo amafunsa mlonda kapena mlimi wakale wa pamalopo, osati mwini munda yemwe amakhala m'tauni. Pampu yoikidwa pamtunda simakoka madzi ndi mphamvu yake yokha, koma mpweya wa mlengalenga ndiwo umawakankhira m'paipi, ndipo mpweyawo umapepuka malo akakhala okwera. Lilongwe ili pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000 kuchokera pa nyanja ya mchere, kotero pampu imataya mita yoposa imodzi ya kukoka kwake pouyerekeza ndi zomwe zalembedwa m'kabuku ka kufakitale. Pampu ikakakamizidwa kukoka kupitirira malire ake, m'madzi mumapangika tithovu tomwe timaphulikira pa impela, ndipo ndi phokoso la miyala lija. Mankhwala ake ndi otchipa ngati aganiziridwa poyamba: kutsitsa malo oikapo pampu, kukulitsa paipi yokokera, kapena kuika pampu pa chitsulo chokhala ndi matayala kuti izitsatira madzi akamatsika. Chimodzimodzinso kumbali ya magetsi. Mota ya mafezi atatu, yomwe imalandira magetsi pa mawaya atatu, ikataya fezi imodzi imapitirira kuzungulira ikutentha mpaka kupsa, ndipo kachipangizo kozimitsa mota fezi ikasowa kapena mavoti akatsika kamagulidwa ndi kagawo kakang'ono ka mtengo wa mota. Wogulitsa wotchipa amakachotsa pa kotesheni kuti apambane, pomwe wa njira yachitatu amakana kugulitsa popanda iko, pamodzi ndi kena kozimitsa pampu madzi akatha.

Ubwino wa njira iyi ndi woti imachepetsa mavuto asanabadwe, ndipo imakusiyanitsani ndi shopu kuyambira tsiku loyamba. Kuipa kwake kulipo kuwiri. Kuyeza munda kumadya mafuta ndi tsiku lathunthu la munthu wodula, ndipo ogula ena amatenga pepala lanu n'kupita nalo kwa wotchipa kuti awapatse pampu yofanana nayo. Ine ndimaona kuti ndi bwino kulipiritsa ntchito yoyeza, n'kudzachotsera ndalamayo pa mtengo ngati agula kwa inu, chifukwa wogula yemwe wakana kulipira kandalama kameneko wakuuzani kale mtundu wa kasitomala yemwe ali. Kuipa kwachiwiri ndi koti luso loyeza silioneka pampu ikamayenda bwino, ndipo ngakhale pampu yoikidwa mwaluso tsiku lina imafa. Tsiku limenelo likafika, kasitomala saona masamu anu, amaona ngati mwabwera kapena ayi.

Njira yachinayi ndiyo imayankha funso la bambo aja mwachindunji. Kampani imalemba pa tsamba loyamba la kotesheni kuti pampu ikaima, makaniko adzafika pamunda pasanathe maola 24, madzi adzabwerera pasanathe maola 48, ndipo ngati kukonza kufuna nthawi yoposa pamenepo kampani idzabweretsa pampu yobwereketsa mpaka yawoyo itachira. Awa ndi mawu omwe wogula angawerenge ndi wotchi, ndipo n'chifukwa chake amalemera kuposa mawu akuti odalirika. Koma ndi lonjezo lodula, ndipo yemwe walipereka asanakonze za kuseri amadziononga kuposa yemwe sanalonjeze kanthu, pakuti mamanijala a minda amadziwana ndipo mbiri yoipa imayenda msanga kuposa galimoto yanu.

Za kuserizo zimayamba ndi chinthu chomwe ogulitsa ambiri safuna kumva, chomwe ndi kuchepetsa mitundu ya mapampu. Simungasunge masipeya a mitundu 20, koma a mitundu itatu kapena inayi mungathe, ndipo ngati mwasankha mapampu a banja limodzi mudzapeza kuti silu ndi mabering'i a saizi imodzi amalowa m'mapampu angapo. Pa shelefu payenera kukhala zinthu zomwe zimatha kawirikawiri: masilu, mabering'i, maimpela, magasiketi, mavavu a kunsonga kwa paipi yokokera, mphira za pa kapuling'i, makontakita ndi tizipangizo toteteza mota, ndiponso mota imodzi yathunthu ya saizi yomwe mwagulitsa kwambiri. Katunduyu ndi ndalama yogona, ndipo ayenera kuitanitsidwa mvula isanathe kuti pofika Meyi akhale ali m'sitolo, chifukwa woitanitsa mu Sepitembala adzalandira mvula itagwa. Pa nthawi yomwe ndalama zakunja zikuvuta kupeza, ndi nzeru kuika dola iliyonse yomwe banki yakupatsani pa masipeya poyamba, mapampu atsopano pambuyo, ngakhale kuti mtima wa wogulitsa umafuna zosiyana ndi zimenezi.

Pampu yobwereketsa ndi bwino ikhale ya injini ya dizilo yomangidwa pa kalavani, chifukwa nthawi zina chomwe chafa si pampu koma thiransifoma kapena magetsi eniakewo. Omwe ankathirira m'chaka cha 2022 akukumbukira momwe magetsi ankazimira maola ambiri malo opangira magetsi a Kapichira ataonongeka ndi namondwe Ana mu Januwale chaka chimenecho, ndipo minda yomwe inali ndi njira imodzi yokha yoyendetsera pampu inathirira usiku, kapena sinathirire n'komwe. Kampani yomwe ingakoke pampu ya dizilo kupita nayo kumunda tsiku lotero imakumbukiridwa kwa zaka zambiri.

Kenako pali malire a mtunda, omwe ayenera kulembedwa poyera. Kuchokera ku Lilongwe, Dedza, Salima ndi Mchinji zili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100, ina kuchepera pang'ono ina kupitirira pang'ono, ndipo makaniko angapite n'kubwerera tsiku lomwelo. Mzuzu ndi Blantyre zili kupitirira makilomita 300, ndipo kulonjeza maola 24 kumeneko popanda munthu wanu wokhala komweko ndi kudzinamiza. Ndi bwino kunena kuti lonjezoli ndi la minda ya mkati mwa makilomita 120, ndipo akutali apatsidwe mgwirizano wina wokhala ndi bokosi la masipeya losiyidwa pamunda pomwepo ndi maphunziro a makaniko wawo. Muyeneranso kuwerenga anthu anu moona mtima. Mapampu samwazikana pakufa kwawo, amafa nthawi imodzi, m'masabata otentha pomwe onse akuyenda maola ambiri ndipo mitsinje yatsika. Ngati muli ndi mapampu 40 pa mgwirizano koma galimoto ndi imodzi, tsiku lidzafika lomwe mafoni atatu adzalira m'mawa umodzi, wina ku Mitundu, wina ku Namitete, wina ku Lumbadzi, ndipo awiri mwa iwo mudzawakhumudwitsa. Mafuta a galimotozo nawonso ayenera kusungidwa, pakuti tonse tinaona mizere ya pa filing'i siteshoni momwe imaimitsira ntchito.

Ndalama yolipirira zonsezi imachokera pa mgwirizano wa pachaka, osati kubisidwa mu mtengo wa pampu. Wogula amalipira kamodzi pachaka, ndipo amalandira ulendo umodzi wa makaniko mu Epulo kapena Meyi mthirira usanayambe, wina mu Ogasiti kutentha kusanafike pachimake, kuonjezera pa lonjezo la maola lija. Maulendo amenewa amakhala ndi phindu pokhapokha ngati pa tsiku loika pampu munalemba manambala oyambira. Pa pampu yathu ya makilowati 11, tinene kuti geji yoyeza mphamvu ya madzi inaonetsa mabaa pafupifupi 4 ndipo mota inkakoka maampu pafupifupi 20 pa fezi iliyonse. Makaniko akapeza mu Ogasiti kuti mabaa atsika pomwe masipurinkila ndi omwe aja ndipo mapaipi sakudontha, amadziwa kuti impela ikudyeka ndi mchenga kapena paipi yokokera ikulowetsa mpweya, ndipo amakonza tsiku lomwe mwini munda wasankha, osati lomwe pampu yasankha. Manambala omwewa amathetsanso mikangano. Mota yomwe yapsa chifukwa chotaya fezi imada mawaya a mbali zina pomwe ena ali oyera, koma yomwe yalemedwa ntchito imada paliponse mofanana, ndipo silu yomwe yayenda popanda madzi imasweka ndi kutentha. Makaniko akatsegula pamaso pa manijala n'kumuonetsa zizindikirozi, nkhani ya yemwe alipire imatha mwaulemu.

Mgwirizanowu uyenera kumanganso mbali ya wogula. Pamunda pakhale munthu mmodzi wodziwika woyatsa ndi kuzimitsa pampu, yemwe kampani yamuphunzitsa, ndipo azilemba m'kabuku maola ndi zomwe geji ikuonetsa. Zimachitika kuti kachipangizo koteteza mota kakamazimitsa pampu pafupipafupi chifukwa mavoti atsika, mnyamata wa pamunda, pofuna kuti ntchito ya tsikulo ithe, amakadumphitsa ndi kawaya. Sachita zimenezi mwankhanza, amaopa kukalipiridwa kuti munda sunathiriridwe, ndipo ndi chifukwa chake maphunziro ayenera kufika kwa iye ndi kwa manijala yemwe, ndipo mgwirizano unene kuti chitetezo chikadumphitsidwa ndalama zokonzera ndi za mwini munda, ngakhale kuti makaniko adzabwerabe pa nthawi yake.

Tikaziika pamodzi, kuweruza kwanga ndi kwakuti kwa ogula olima ngati bizinesi njira yachinayi ndiyo iyenera kukhala nkhope ya kampani, yachitatu ikhale maziko ake, yachiwiri ikhale umboni wothandizira, ndipo yoyamba isiyidwe kwa ena. Yachinayi popanda yachitatu imasaukitsa, chifukwa mudzakhala mukuthamangira mapampu oikidwa molakwika mpaka phindu lonse litathera pa mafuta, ndipo n'chifukwa chake simuyenera kuika pa mgwirizano wa maola pampu yomwe simunayeze kapena kuiyendera nokha. Kampani yaing'ono yomwe ilibe ndalama za pampu yobwereketsa iyambe ndi njira yachitatu, ilonjeze zochepa zomwe ingathe, monga kufika pasanathe maola 48 mkati mwa boma la Lilongwe lokha, kenako ikulitse lonjezolo mashelefu akamadzaza.

Polankhula ndi wogula, kumbukirani kuti pa kampani yaulimi pamakhala anthu atatu omva mosiyana. Manijala wa pamunda amafuna nambala ya foni yomwe imayankhidwa Lamlungu ndi dzina la makaniko yemwe adzabwere. Akauntanti adzaika kotesheni yanu pambali pa ina yotsika, kotero mum'patse pepala limodzi loonetsa mtengo wa zaka zisanu, mophatikiza pampu, magetsi, masipeya ndi mgwirizano, momwe mayunitsi 4,500 aja adzaonekere kasanu. Mwini munda amafuna kudziwa zomwe zidzachitike pa sabata yoipitsitsa ya chaka. Onse atatu amakhulupirira zomwe aona kuposa zomwe amva, kotero m'malo mowatumizira kabuku kokongola, aitaneni ku wekishopu. Afunseni kuti atchule sipeya iliyonse ya pampu yomwe mukufuna kuwagulitsa, ndipo munthu wa kusitolo aitulutse iwo akuona. Aonetseni kaundula wa chilimwe chatha wolembedwa ola lomwe foni inalira ndi ola lomwe madzi anabwerera, osachotsamo masiku omwe munachedwa, chifukwa kaundula wopanda banga amakayikitsa munthu wodziwa minda. Ngati makasitomala anu akale avomera, perekani manambala awo kuti wogula watsopano awaimbire yekha inu palibe.

Nthawi yoyendera ogulawa ndi kuyambira Febuluwale mpaka Epulo, pomwe akukonza bajeti ya chilimwe ndipo akukumbukirabe zomwe zinawachitikira Okutobala watha. Foni yobwera mu Okutobala kuchokera kwa munthu yemwe anagula kwina, pampu yake itafa, muziilandira ngati makaniko ali ndi mpata, koma muzimuuza poyera kuti omwe ali pa mgwirizano amayamba kuthandizidwa, ndipo mukamaliza kukonza mum'pemphe tsiku mu Epulo loti mudzayeze munda wake wonse, kuyambira pomwe madzi amafika mtsinje ukatsika.